Uthenga wa chipepeso kwa Mayi Chirwa

Johannesburg, Lachiwiri m'mawa

Okondedwa Mayi Chirwa,

Dzulo usiku ndinakulemberani mawu ochepa pa foni nditangomva za zovuta zimene zakugwerani. Lero ndafuna kulemba modekha, m'dzina langa ndi la anzanu onse a mu ofesi yathu yowerengera ndalama kuno ku Randburg.

Tamva ndi chisoni chachikulu kuti bambo anu atisiya Lamlungu kumudzi ku Ntcheu. Pepani kwambiri. Ambirife sitinawaonepo, koma tinkawadziwa kudzera mwa inu: nkhani za munda wawo wa mbatata ku Tsangano, komanso mmene munkatumizira ndalama za mankhwala mwezi uliwonse osadumphitsa. Munawasamala, ngakhale muli kutali. Maliro akakupezani muli kuno ku Joni amawawa kawiri, ndipo ife ochokera kumudzi tikudziwa kutalika kwa ulendo wa basi wodzera ku Beitbridge mpaka ku Mwanza mtima uli wosweka.

Za ntchito musade nkhawa. Abwana avomereza masiku 3 a tchuthi cha maliro monga mwa malamulo a kuno, ndipo masiku ena 7 achotsedwa pa tchuthi chanu cha pachaka. Malipoti a kumapeto kwa mwezi ndiwamaliza ine ndi Bambo Mbewe. Zikalata mudzasayina mukadzabwera.

Anzanu tasonkha kangachepe ka chipepeso, ndikupatsani masana ano ku Park Station musanakwere basi.

Mutiperekere chipepeso kwa mayi ndi abale onse. Mulungu akutonthozeni, ndipo muyende bwino.

Ine mnzanu pa ntchito,
Chikondi Phiri