Lipoti la zopempha za mwezi wa Okutobala: zatheka, zikudikira ndi zaima

Kupita kwa: Mphunzitsi Wamkulu
Kuchokera kwa: Kalaliki wa sitolo ndi zokonzakonza
Tsiku: Lachisanu, 24 Okutobala 2025

Bwana,

Monga munandiuzira musanapite ku msonkhano ku Dedza, nali lipoti la zopempha zomwe zalembedwa m'buku la ku sitolo kuyambira pa 1 Okutobala. Zonse pamodzi ndi 13. Zisanu ndi chimodzi zatheka, zinayi zili m'njira, zitatu zaima. Ngati nthawi yakuchepelani, yambirani pa zomwe zaimazo, makamaka denga la kogona atsikana, chifukwa mvula ikayamba lisanakonzedwe tidzasowa kowagoneka ana.

ZOMWE ZATHEKA

Mjigo wa kukhitchini ukutulutsanso madzi kuyambira pa 9. Mmisiri wa mijigo wa dera lino atazula ndodo anapeza kuti labala wa pisitoni anatha ndipo mabushi a pa chogwirira anadyeka, n'chifukwa chake ana ankapopa mpaka thukuta chidebe osadzaza. Wasintha zonse ziwiri. Wandionetsanso ndodo imodzi yomwe yayamba kudyeka polumikizira, akuti ifika nayo Disembala koma tiguliretu ina. Ndailemba pa zogula za mwezi wamawa.

Mayunitsi a magetsi a ESCOM ndagula a mamita onse awiri, ya ku ofesi ndi ya kogona ana. Malisiti ali m'failo yobiriwira.

Choko, mapepala olembera mayeso a pakati pa teremu ndi mabuku a kaundula zafika ndipo a Depyute asainira. Loko wa kalasi ya Fomu 2 wasinthidwa, kiyi wina ali ndi alonda, wina ali m'kabati mwanu. Mababu asanu ndi atatu a m'makalasi owerengeramo usiku aikidwa. Nkhuni zabwera ngolo zinayi, ngakhale ngolo yomaliza inali ya bulugamu wauwisi ndipo amayi a kukhitchini adandaula ndi utsi. Ndamuuza wogulitsayo kuti ulendo wina zauwisi tidzabweza.

ZOMWE ZILI M'NJIRA

Madesiki 30 omwe tinapereka kwa kalipentala: 18 abwera, 12 atsala. Akuti matabwa ali nawo, chamuchedwetsa ndi maliro a kwawo. Walonjeza Lachitatu pa 29. Ndalama yotsala sitinamupatse ndipo ndikupempha kuti ikhale choncho mpaka onse atafika.

Inki ya makina okopera mapepala tinaitanitsa ku Lilongwe pa 14, mawa lake linali tchuthi cha Tsiku la Anakubala, ndiye katunduyo ananyamuka mochedwa. Ifika Lolemba. Pakadali pano aphunzitsi akulemba mafunso pa bolodi.

Kupopa zimbudzi za anyamata: a galimoto yopopa avomera mtengo, akungodikira kuti apeze dizilo. Dzenje limodzi ndalitsekeratu chifukwa ladzaza mpaka m'kamwa. Atatu otsalawo apirira sabata ziwiri, osapitirira apo.

Mankhwala othira m'chimanga agulidwa koma sitinathire. M'matumba a pansi, mbali ya kuzenera, anankafumbwe ayamba: mukapisa dzanja mukutuluka ufa. Tikufuna aganyu anayi oti akhuthule, apete ndi kusokanso matumba 60. A Basala avomera ndalama yake, ntchito iyamba Lolemba m'mawa. Matumba khumi omwe agwidwa kwambiri ndawapatula kuti apite kuchigayo msanga, tiyambe kudya amenewo.

ZOMWE ZAIMA

1. Denga la kogona atsikana

Pempholi analemba a Metironi pa 2 Okutobala, ndipo ndi lomwe likundisowetsa tulo. Mphepo ya mwezi watha inasasula malata asanu ndi limodzi kumbali ya kum'mawa. Kalipentala atakwera anapeza kuti vuto si malata okha: mitanda itatu yadyedwa ndi chiswe moti msomali ukungolowa ndi chala. Pansi pa malo amenewa pali mabedi 14. Pano tayala pepala la pulasitiki n'kutsindira ndi njerwa, koma limeneli ndi la dzuwa, mvula yamkuntho silingaione.

Makotesheni atatu ndinatenga kale, a malata 12 a geji 28, mitanda, misomali ndi mankhwala a chiswe. Wotsika mtengo ndi wa K640,000 kuphatikizapo ntchito. Chaimitsa n'chakuti komiti yogula katundu sinakumane, popeza wapampando ndi inu. Kuwonjezera apo, cheke chimafuna masaini awiri, ndipo wapampando wa komiti ya makolo ali ku Ntcheu kodwazika, abwera Lamulungu. Wogulitsa katunduyo wanena kuti mtengo wakewo ausunga mpaka pa 31 basi, kupitirira apo tikatengenso kotesheni ina.

Ine ndikuona kuti komiti ikumane Lolemba lomweli ngakhale kwa theka la ola, pa nkhani imodzi yokhayi. Cheke chikasainidwa Lachiwiri, katundu afika Lachitatu, ndipo kalipentala akuti ntchitoyo ndi ya masiku atatu. Kuno mvula yoyamba sichedwa Novembala akalowa. Ngati izi sizitheka, ndilamuleni ndisamutsiretu mabedi 14 aja kupita m'chipinda chosokera, ngakhale kuti mulibe mawaya a m'mazenera.

2. Galimoto ya sukulu

Setifiketi yoti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu inatha pa 30 Seputembala. A dalaivala akuti sangapite nayo kokayezetsa momwe ilili, chifukwa matayala awiri akumbuyo ndi osalala ndipo nyali ya mabuleki yakumanzere siyaka. Akunena zoona, ndakaona ndekha, tayala limodzi waya wayamba kuonekera. Nyali ndi nkhani yaing'ono. Matayala ndiwo alibe ndalama: a Basala akuti thumba la galimoto la teremu ino linathera ku injini mu Seputembala.

Izi zikutidyera ndalama mwakachetechete. Ulendo uliwonse wa kuchigayo tikuchita hayala, ndipo Lachiwiri usiku mwana wa Fomu 1 atadwala malungo tinachita kudzutsa wakabaza wa njinga yamoto kuti apite naye kuchipatala, a Metironi atakhala kumbuyo kumugwirizira. Pakufunika chilolezo chanu kuti ndalama ichoke ku thumba lina. Ine ndilibe mphamvu imeneyo, a Basala nawonso akuti popanda kalata yanu sakhudza.

3. Nyemba

Yemwe anapambana kuti azitibweretsera nyemba wabweretsa matumba 8 mwa 20, otsalawo akukana pa mtengo womwe tinasainirana. Akuti pamsika zakwera. Ndamuimbira, ndamulembera kalata, yankho ndi lomwelo. Zomwe zilipo zitifikitsa pa 7 Novembala ngati tipitiriza kuphika nyemba kanayi pa sabata. Njira ndi ziwiri: kumuwonjezera mtengo, kapena kuthetsa mgwirizano n'kupita kwa yemwe anali wachiwiri. Ine ndingakonde yachiwiriyi, chifukwa tikamulola lero, wa nkhuni ndi wa ndiwo zamasamba abweranso mawa ndi nyimbo yomweyo. Komabe ndisanamufunse wachiwiriyo ndikufuna mawu anu. Pakadali pano ndauza a kukhitchini kuti tsiku limodzi pa sabata alowetsepo soya.

ZOFUNA INU LOLEMBA

Kuitanitsa komiti yogula katundu pa nkhani ya denga, kalata yololeza ndalama ya matayala, ndi chigamulo pa nyemba. Makotesheni a denga, kalata ya wanyemba ndi mitengo ya matayala ndaziika m'failo imodzi patebulo lanu. Loweruka ndidzakhala ku sitolo mpaka 12 koloko kukonzekera za chimanga, mukafika msanga mundipeza kumeneko.

Ine wanu pantchito,
L. Mbewe
Kalaliki wa sitolo