Kalata ya Mkulu wa Ochonga Mayeso a Mbiri ku Sukulu za Sekondale

Ofesi ya Mkulu wa Ochonga,
Phunziro la Mbiri, Mayeso a MSCE,
Zomba.

18 Novembala 2024

Kwa Aphunzitsi Aakulu ndi Aphunzitsi a Mbiri,
Sukulu zonse za sekondale.

Okondedwa Aphunzitsi,

ZOLAKWIKA ZOMWE ZAPEZEKA KAWIRIKAWIRI M'MAPEPALA A MBIRI A CHAKA CHINO

Ntchito yochonga yatha, ndipo atsogoleri a magulu onse a ochonga apereka zomwe anaona. Tikupempha kuti kalatayi iwerengedwe pamsonkhano wa aphunzitsi a phunziroli, kenaka ikambidwe ndi ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 teremu ino isanathe.

Vuto lalikulu chaka chino silinali kusawerenga. Mapepala ambiri akusonyeza kuti ana anawerenga ndithu, ena mpaka kuloweza masamba athunthu. Chomwe chawagwetsa n'kuyankha funso lomwe sanafunsidwe. Mwana akangoona dzina lomwe akulidziwa, amakhuthula zonse zomwe analoweza za dzinalo osayang'ana chomwe funso likufuna.

Izi zinaonekera poyera pa funso la John Chilembwe, lomwe linafuna zifukwa za kuukira kwa mu 1915. Ambiri anayamba ndi ubwana wake, ulendo wake wa ku Amereka ndi Joseph Booth mu 1897, kubwera kwake ndi kukhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, kenaka zomwe zinachitika usiku wa pa 23 Januwale. Zonsezi n'zoona, koma pa funsoli sizipatsa malikisi. Tinkayembekezera thangata pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, msonkho wa nyumba, kulandidwa kwa malo m'madera a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, kuwonongedwa kwa nyumba zopemphereramo za mpingo wake pamindapo, ndi kutengedwa kwa anthu akuda kukamenya nkhondo ya azungu, zomwe Chilembwe anazidzudzula m'kalata yake yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914. Mwana wolemba masamba atatu a mbiri ya moyo wa Chilembwe amatuluka m'chipinda ali wokondwa, pomwe mnzake wolemba ndime zisanu zolunjika pa zifukwa wam'siya kutali.

Chogwirizana ndi chimenechi n'kusakaniza zifukwa, zochitika ndi zotsatira. Pa funso la zotsatira za ulendo wa Angoni, ena analemba za nkhondo za Shaka, zomwe ndi chifukwa chonyamukira. Aphunzitsi, mutu uliwonse muziumaliza ndi mizere itatu pa bolodi: chinayambitsa n'chiyani, chinachitika n'chiyani, chinatsatira n'chiyani. Ana azidzaza okha.

Chachiwiri ndi mfundo zongotchula osazifotokoza. M'chimangirizo mwana amalemba kuti "Chifukwa china chinali thangata", n'kudumphira pa mfundo ina. Wochonga sangamalizitse ganizo m'malo mwa mwanayo. Ndime yokwanira imatchula mfundo, imanena chomwe chinkachitika, ndipo imaonetsa mmene chinabweretsera chomwe chafunsidwa. Mwachitsanzo: thangata inali ntchito yomwe anthu okhala pa minda ya azungu ankagwira m'malo mwa lendi, ankaigwira nyengo ya dzinja pomwe minda yawo inkafunanso khasu, ndipo masiku ake ankawonjezedwa mwachinyengo, motero ambiri mwa iwo anali okonzeka kutsatira munthu wolonjeza kuthetsa nkhanzazo. Chiganizo chimodzi chokha, koma ndimeyo yatenga malikisi onse. Ena analemba chimangirizo chonse ngati mndandanda wa manotsi, mfundo iliyonse mawu awiri kapena atatu ndi kampira kumayambiriro. Chizolowezi chimenechi chikuchokera ku timapamfuleti togulitsidwa m'misika, ndipo ochonga anatizindikira msanga chifukwa ana a sukulu zotalikirana analakwitsa chaka chimodzimodzi m'mawu ofanana ndendende. Musanalole kapamfuleti kulowa m'kalasi, kayerekezeni ndi mabuku ovomerezeka.

Tsopano za mayina. Cholakwika chomwe chinatidandaulitsa kwambiri n'chakuti anthu a Chilembwe anapha David Livingstone. Wophedwa ku Magomero anali William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya Bruce. David Livingstone anali atamwalira kale mu 1873 kwa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, zaka 42 m'mbuyo mwake. Magomero yemweyo wasokonezanso ena pa nkhani ya mamishoni: kumeneko n'komwe a UMCA anayamba mu 1861 motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, yemwe anamwalira chaka chotsatira. Mishoni ya Livingstonia inayamba ku Cape Maclear mu 1875, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka ku Khondowe mu 1894. Ambiri anaiyambitsira ku Khondowe, ndipo potero analephera kufotokoza chomwe chinachititsa kusamukako, makamaka malungo a m'mbali mwa nyanja. Mishoni ya Blantyre ndi ya mu 1876, ndipo ngakhale yonse iwiri inachokera ku Scotland, inatumidwa ndi mipingo yosiyana. A Dutch Reformed anayamba ku Mvera mu 1889.

Pa Angoni, mapepala ochuluka anaika Zwangendaba, Mzilikazi ndi Gomani m'gulu limodzi. Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835 n'kukamwalira ku Mapupo, m'dziko la Afipa ku Tanzania. Kugawikana kwa gulu lake n'komwe kunabala Angoni a M'mbelwa ku Mzimba ndi a Mpezeni ku Chipata. Amaseko, omwe ufumu wawo ndi wa Gomani ku Ntcheu, anayenda ulendo wawowawo. Mzilikazi anali mtsogoleri wa Andebele, ndipo yemwe anasayina pangano la Rudd la mu 1888 anali mwana wake Lobengula, osati iyeyo. Pa malonda a akapolo, Jumbe anali ku Nkhotakota ndipo Mlozi anali ku Karonga. Kuwasinthanitsa kumawononga yankho lonse la njira zomwe akapolo ankadutsa popita ku Kilwa ndi Zanzibar. Zonsezi zikusonyeza kuti mitu iyi ikuphunzitsidwa popanda mapu. Ngakhale mapu ojambula ndi choko ndi okwanira, bola mwana aloze yekha mtsinje, nyanja ndi njira.

Zaka za ndale za dziko lino zasokonezedwa kwambiri, makamaka za pakati pa 1944 ndi 1966. Ndondomeko yomwe mwana aliyense ayenera kuigwira ndi iyi: Nyasaland African Congress inakhazikitsidwa mu 1944, mtsogoleri wake woyamba ali Levi Mumba, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953, Dr Banda anabwera pa 6 Julayi 1958, boma linalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti pa 3 Malichi 1959 n'kuletsa Congress, Malawi Congress Party inayambitsidwa chaka chomwecho ndi Orton Chirwa, Dr Banda ali m'ndende ku Gwelo, komwe anatulutsidwa mu Epulo 1960, chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963. Ana ambiri analemba kuti Dr Banda ndiye anayambitsa zipani zonse ziwiri. Ambirinso sanasiyanitse ufulu wodzilamulira wa pa 6 Julayi 1964 ndi kukhala lipabuliki pa 6 Julayi 1966, mwina chifukwa tsiku ndi lomwelo. Kafukufuku wa Devlin anafufuza za chipwirikiti cha mu 1959 ku Nyasaland, pomwe wa Monckton wa mu 1960 anaunika tsogolo la chitaganya chonse. Owasinthanitsa anataya funso lathunthu.

Sitikunena kuti mwana aloweze tsiku lililonse. Ngati sakukumbukira chaka, ndi bwino alembe kuti chinthucho chinachitika chitaganya chisanathe kusiyana n'kupeka chaka chabodza. Chomwe chimapha yankho n'kutembenuza ndondomeko, chifukwa chinthu sichingayambitse china chomwe chinachitika kale.

Mafunso a mbiri ya mayiko akunja anasankhidwa ndi ana ochepa, ndipo mayankho ake anali ofooka. Tikuganiza kuti m'sukulu zambiri mitu iyi imafikiridwa mothamanga mayeso atayandikira. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ambiri anapereka kuphedwa kwa Franz Ferdinand ku Sarajevo pa 28 Juni 1914 ngati chifukwa chokhacho. Imeneyo inali mbaliwali chabe yogwera pa udzu wouma kale. Funso linafunanso migwirizano ya mayiko, mpikisano wa zida pakati pa Britain ndi Jeremani, kulimbirana mayiko olamulira, ndi mikangano ya ku Balkan. Ena analemba kuti Itale inamenya nkhondoyi kumbali ya Jeremani chifukwa inali nawo mu mgwirizano wa mu 1882. Itale inalowa nkhondo mu 1915 kumbali ya Britain ndi Faransa.

Pa pangano la Versailles la mu 1919, mawu oti "Jeremani inalangidwa kwambiri" sakwanira. Mwana atchule kuti asilikali ake anachepetsedwa kufika 100,000, kuti dera la Alsace-Lorraine linabwezedwa kwa Faransa, kuti inalandidwa mayiko omwe inkalamulira kuphatikizapo Tanganyika, ndi kuti ndime 231 inaisenzetsa mlandu wa nkhondo, pomwe panatsamira chipukuta misozi cha mapaundi 6,600 miliyoni chomwe chinakhazikitsidwa mu 1921. Dziko la Amereka silinakhalepo membala wa League of Nations, ngakhale ganizo la bungweli linalimbikitsidwa ndi Woodrow Wilson. Olemba kuti linatulukamo analakwa. Ena anasakaniza bungweli ndi United Nations ya mu 1945, mpaka kuika nkhani za Manchuria mu 1931 ndi Abyssinia mu 1935 pansi pa bungwe lomwe linali lisanabadwe. Msonkhano wa ku Berlin wokhudza Afrika ndi wa mu 1884 mpaka 1885, osati wa mu 1878. Hitler sanalande boma ndi mfuti mu 1933. Anasankhidwa kukhala nduna yaikulu ndi Pulezidenti Hindenburg.

Zotsalazi n'zazing'ono koma zimadya malikisi chaka ndi chaka. Ena anayankha mafunso ochuluka kuposa omwe malangizo ananena, n'kutaya nthawi yomwe ikanakonza mayankho ofunikawo. Ena sanalembe nambala ya funso, kapena analemba yolakwika. Ambiri anathera nthawi pa chimangirizo choyamba, chomaliza n'kungokhala ndime imodzi. Malonje aatali obwereza mawu a funso sapatsa kanthu. Ziganizo ziwiri zakwana. Pa Chingerezi, sitikuchonga galamala ngati pepala la chiyankhulo, koma dzina lolembedwa mwakuti wochonga sangalizindikire silingapatsidwe malikisi, ndipo chidule cha pafoni chisapezeke m'pepala la mayeso.

Pempho lathu kwa aphunzitsi aakulu n'lakuti muonetsetse kuti mwana aliyense wa Fomu 3 ndi Fomu 4 akulemba chimangirizo chimodzi pa masabata awiri aliwonse, m'kalasi, pa nthawi yoikika, ndipo chichongedwe ndi ndemanga, osati malikisi okha. Komwe kalasi ndi yaikulu kwambiri, mphunzitsi achonge ndime imodzi ya mwana aliyense, kapena awerenge mayankho awiri poyera osatchula eni ake, ana anene okha lomwe layankha funso. Pakhomanso la kalasi pakhale mzere wa zaka kuyambira 1835 mpaka 1994, womwe ana aziwonjezerapo mutu uliwonse ukatha. Mitu ya mayiko akunja iyambike msanga, isadikire teremu yomaliza ya Fomu 4.

Sukulu yomwe ili ndi funso pa kalatayi itumize kudzera ku ofesi ya maphunziro ya chigawo chake pasanafike pa 31 Januwale 2025.

Ine wanu pa ntchito,

Mkulu wa Ochonga,
Phunziro la Mbiri.