Takulandirani ku Loji Yathu: Zoti Mudziwe Muli Kuno

Alendo athu olemekezeka, takulandirani ndi manja awiri. Fikani, tulani katundu, mupumule. Mukatsitsa mtima pansi muwerengeko pepalali, makamaka gawo la chitetezo, dzuwa lisanalowe. Safunsa anadya phula, choncho chilichonse chimene sichikumveka mutifunse. Pamalo olandirira alendo pamakhala munthu kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku. Imbani 0 pa foni ya m'chipinda mwanu. Ikapitirira 10 koloko imbani 9, ayankha ndi mlonda wamkulu, ndipo iye amatha kudzutsa manijala nthawi ina iliyonse.

Nthawi ya chakudya

Kadzutsa amayamba 6:30 ndi kutha 9:30 m'mawa. Nkhomaliro ndi kuyambira 12:30 mpaka 2 koloko masana, ndipo chakudya chamadzulo ndi kuyambira 6:30 mpaka 8:30. Zonsezi timadyera m'chipinda chodyera chimene chayang'ana kumtsinje. Tiyi ndi khofi zimakhala pakhonde lalikulu tsiku lonse, mungodzithirira nokha.

Khitchini yathu ndi yaing'ono ndipo timaphika molingana ndi anthu amene alipo tsikulo. N'chifukwa chake timapempha kuti musankhiretu chakudya chamadzulo isanakwane 3 koloko masana. Wogwira ntchito amadutsa ndi pepala la zakudya nthawi ya nkhomaliro. Ngati mwapita koyenda ndipo mukuona kuti mubwera mochedwa, ingotiimbirani, tikusungirani mbale yanu yotentha. Chimatiwawa ndi kuona mlendo akufika 9 koloko usiku, wotopa, njala ili m'mimba, ophika atapita kale kwawo, pamene foni imodzi yokha ikanakonza zonse.

Amene mukunyamuka mbandakucha, tiuzeni madzulo ake kuti tikulongedzereni kamba wa paulendo.

Ngati pali chakudya chimene thupi lanu limadana nacho, monga mtedza, mazira, mkaka, tirigu kapena nsomba, tiuzeni lero lomwe, ngakhale munalemba kale posungitsa malo. Ndi bwino timve kawiri kusiyana n'kuti uthengawo usochere panjira usanafike kwa wophika. Chimodzimodzinso amene simudya nyama, kapena muli ndi zakudya zimene chipembedzo chanu kapena dokotala anakuletsani. Musachite manyazi, si kutivutitsa ayi.

Madzi a pampopi ndi osamba ndi kuchapira basi. Akumwa ali mu jagi yotseka patebulo la m'chipinda mwanu, ndi osefedwa bwino, ndipo timawasintha tsiku lililonse. Potsuka m'kamwa mugwiritsenso ntchito omwewo.

Wayifayi ndi magetsi

Dzina la netiweki ndi `Alendo_Loji` ndipo mawu achinsinsi ndi `Mtsinje2468`. Chilembo choyamba ndi chachikulu, ndipo palibe mpata pakati.

Tinene chilungamo: intaneti ya kuno si yofanana ndi ya m'tauni. Imagwira bwino pakhonde lalikulu, m'chipinda chodyera, ndi m'zipinda 1 mpaka 6. M'zipinda 7 mpaka 12, zimene zili kumapeto cha kumitengo, imafika mofooka, nthawi zina mpaka mutatulukira pakhonde. Mauthenga, imelo ndi kuimbirana foni zimatheka. Mafilimu ndi mafayilo akuluakulu ndi amene amailemetsa, makamaka madzulo pamene aliyense wabwerera ndipo akufuna kutumiza zithunzi kwawo. Ngati muli ndi msonkhano wa pa intaneti wofunika kwambiri, tiuzeni, tikupatsani kachipinda kabata pafupi ndi ofesi pamene netiweki ndi yamphamvu. Ikakana kulumikiza, zimitsani wayifayi pa foni yanu, muyatsenso. Zikakanikabe, bwerani nayo tikuthandizeni.

Magetsi athu ambiri ndi a sola. Masoketi a m'zipinda amakwanira kutchaja foni, kamera ndi laputopu, koma ayironi, ketulo ndi choumitsira tsitsi zimazimitsa magetsi a mzere wonse wa zipinda. Zikafunika, zipezeka ku ofesi. Madzi osamba amatenthetsedwanso ndi dzuwa, ndiye amakhala otentha kwambiri chakumadzulo. Yambani mwatsegula ozizira, makamaka posambitsa mwana.

Chitetezo chanu

Apa ndi pamene tikupempha kuti muwerenge modekha, chifukwa loji yathu ilibe mpanda kumbali ya kumtsinje.

Kukada, musayende nokha kuchoka kuchipinda kupita kodyera kapena kubwerera. Imbani 9, kapena imani pakhonde lanu muwalitse tochi, mlonda abwera kudzakuperekezani. Tochiyo ili pa kathebulo ka pambali pa bedi. Chifukwa chake ndi mvuu. Masana zimakhala m'madzi, koma usiku zimatuluka kudzadya udzu, ndipo kapinga wa pakati pa zipinda 9 ndi 10 zimamukonda kwabasi. M'mawa mukadzuka mudzaona mapazi ake m'matope, aakulu ngati mbale, a zala zinayi. Mvuu imaoneka yaulesi koma imathamanga kuposa munthu, ndipo imalusa ikaona kuti wina waitchinga njira yobwerera kumadzi. Mukakumana nayo musaiyandikire kuti mujambule, ndipo musaime pakati pa iyo ndi mtsinje. Bwererani pang'onopang'ono mulowe m'nyumba iliyonse imene ili pafupi. Alonda athu amadziwa njira zimene nyamazi zimadutsa, ndiye akati tiyeni tizungulire uku, atsatireni.

Mumtsinje musasambe, musachape, ngakhale kuviika mapazi. Muli ng'ona, ndipo ng'ona siionekera. Madzi akhoza kukhala zii pamene iyo ili pomwepo m'mphepete. Kuwonjezera apo, madzi odekha okhala ndi nkhono amafalitsa likodzo, ndipo tizilombo take timalowa pakhungu munthu osamva kanthu. Pokaona mtsinje imani pathandala lokwera limene tinamanga. Ofuna kusambira, dziwe losambiramo ndi lotsegula kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Palibe wopulumutsa anthu padziwepo, choncho mwana aliyense akhale ndi wamkulu womuyang'anira, wamkulu amene maso ake ali pa mwanayo osati pa foni. Mbali yakuya ndi mamita 1.8, ndipo kudumphira chamutu n'koletsedwa. Mukamva bingu tulukani m'madzi, mudikire mphindi 30 kuchokera pa kugunda komaliza musanalowemonso.

Udzudzu wofalitsa malungo umaluma kwambiri kuyambira madzulo mpaka m'bandakucha. Wokonza m'zipinda amatsitsa neti nthawi imene inu mukudya chamadzulo; pogona ipisireni pansi pa matiresi mbali zonse. Mukaona kabowo, ngakhale kakang'ono bwanji, tiuzeni tisinthe usiku womwewo. Madzulo valani zovala zofika m'manja ndi m'miyendo, mudzole mankhwala othamangitsa udzudzu. Chinthu chimodzi chimene alendo ambiri amaiwala n'chakuti malungo saonekera tsiku lomwelo. Kawirikawiri zizindikiro zimayamba patapita masiku 10 mpaka 15 chilumidwire, inu mutafika kale kwanu. Mukadzamva kutentha thupi, litsipa kapena kuphwanya m'thupi, musadzazengereze kukayezetsa, ndipo mukawauze achipatala kumene munali.

Anyani ndi apusi ndi akuba ochenjera. Amatsegula zipi ya chikwama, amalowa pawindo losiyidwa pang'ono, ndipo shuga wa patebulo amamutenga inu mukuona. Musawapatse chakudya, chonde. Nyani wozolowera kulandira kwa anthu amayamba kulanda, kenako kuluma, ndipo mapeto ake amakhala oipa kwa nyaniyo. Potuluka tsekani mawindo ndi chitseko.

Njoka zilipo koma zimathawa anthu. Yendani m'njira zolambulidwa, valani nsapato, ndipo m'mawa zikutumuleni musanavale, poti zinkhanira zimakonda kubisalamo. Mukaona njoka, bwererani m'mbuyo mutiitane, musalimbane nayo. Munthu akalumidwa, asathamange. Akhale phee, mumuvule mphete, wotchi kapena chilichonse chothina, ndipo muimbe 9 nthawi yomweyo. Osatema pabalapo, osayamwa, osamanga mwamphamvu ndi chingwe. Galimoto ya loji imakhala yokonzeka usiku ndi usana kutengera wodwala kuchipatala, chimene chili pa mtunda wa mphindi 40, ndipo bokosi la chithandizo choyamba lili ku ofesi.

Madenga athu ndi a udzu, ndipo udzu wouma suchedwa kugwira moto. Kusuta m'chipinda n'koletsedwa, makandulonso ayi. Osuta ali ndi malo awo kuseri kwa bala. Chozimitsira moto chapachikidwa panja pa chitseko chilichonse. Mukamva belu likulira mosalekeza, siyani katundu yense, mutuluke, mukasonkhane poimika magalimoto, ndipo mukhale pomwepo kufikira titawerenga kuti aliyense alipo.

Ndalama, pasipoti ndi zina zamtengo wapatali ikani m'kabokosi kachitsulo kamene kali mu wodilopu, kapena mutisungitse ku ofesi tikulembereni lisiti. Geti timatseka 10 koloko usiku; ngati mubwera mochedwerapo, tidziwitseni kuti mlonda akudikireni. Kuyambira nthawi yomweyo tichepetse phokoso, poti makoma a zipinda ndi opyapyala ndipo ena amadzuka 5 koloko kukaona mbalame.

Tsiku lonyamuka

Chipinda muchituluke isanakwane 10 koloko m'mawa. Alendo ena amayamba kulowa 2 koloko masana, ndipo maola anayi amenewo ndi amene okonza m'zipinda amachapira, kukolopa ndi kuyala. Ngati mukufuna kukhalabe mpaka 1 koloko, funsani dzulo lake. Chipinda chikakhala kuti chilibe wobwera, tivomera popanda kulipiritsa. Kupitirira apo timalipiritsa theka la mtengo wa usiku umodzi. Amene ulendo wanu ndi wamadzulo, katundu tikusungirani ku ofesi, ndipo khonde, dziwe ndi chipinda chodyera ndi zanu mpaka nthawi yonyamuka.

Bilu timakonza madzulo a tsiku lanu lomaliza kuti muione mosathamanga. Iwerengeni bwino, ndipo ngati pali chakumwa kapena chakudya chimene simukuchikumbukira, nenani tifufuze limodzi. Mukhoza kulipira ndi ndalama kapena khadi la kubanki. Makina a khadi amadalira netiweki, ndiye ngati mukunyamuka m'mamawa ndi bwino kulipiriratu usikuwo. Ofuna lisiti ya m'dzina la kampani, tipatseni dzinalo bilu isanasindikizidwe. Amene mungakonde kuthokoza ogwira ntchito ndi kangachepe, pali bokosi pamalo olandirira alendo, ndipo zimene zaponyedwamo zimagawidwa kwa onse, kuphatikizapo ochapa, olima maluwa ndi alonda amene simuwaona kawirikawiri. Si mokakamiza.

Musanatseke chitseko komaliza, suzumirani pansi pa bedi, kubafa ndi m'kabokosi kachitsulo kaja, ndipo mukasiye kotsegula. Matchaja a foni ndi amene amatsala kwambiri, ali chilowere m'soketi ya kuseri kwa neti. Zotsala timazisunga miyezi itatu. Kiyi ndi tochi mubweze pamalo olandirira alendo, ndipo ngati katundu ndi wolemera imbani 0, tibwere tidzakunyamulireni mpaka pagalimoto.

Ndife anu,
Manijala ndi onse ogwira ntchito pa loji ino