Wailesi ya agogo

Pasitolo ina ku Mayfair, mumzinda wa Joni, agogo anakana wailesi yachitatu.

“Iyi ikuyankhula ngati munthu wachimfine. Ibwezeni.”

“Agogo, komatu imeneyo ndi yotchaja, simudzagulanso mabatire,” anatero Chisomo, mdzukulu wawo, akuyang'ana nthawi pafoni chifukwa basi ya ku Blantyre inali yonyamuka masana omwewo.

“Kutchaja? Kwathu ku Thyolo nditchajira pamtengo wa mango? Iwe wakulira Joni.”

Wogulitsa, mnyamata wa ku Mangochi, anaseka n'kutsitsa ina yakuda, yolemera, ya mabatire akuluakulu a tochi. Agogo anakoka mlongoti, napotokola pang'onopang'ono mpaka phokoso lonse linatha. Anakweza mawu mpaka kumapeto kuti amve ngati sipika ikunjenjemera, kenako anatsitsa n'kuigunditsa kukhutu. Mawu a wowerenga nkhani anamveka okhuthala bwino, ngakhale chinali Chizulu chimene agogo sankamvapo kanthu.

Anatsegula kumbuyo, nalowetsa chala, n'kukanikiza sipuling'i.

“Mabatire awa ali pagolosale iliyonse, ngakhale pa Bvumbwe. Akafooka ndimawayanika padzuwa.”

“Zimene zija sizithandiza kwenikweni, agogo.”

“Lipira, mwanawe. Achimwene, musachotsemo mabatirewo, ndiimvera m'basi.”