Madamu, nazi zikalata za umboni wa intenishipu ija

Madamu,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Zikomo kwambiri chifukwa chovomera Lachiwiri lija kukhala mboni yanga pa intenishipu imene ndikufunsira. Munali mukuthamangira kukalasi ndipo sitinakambirane zambiri, ndiye ndati ndilembe zonse pamodzi kuti musavutike kundifunsa chimodzichimodzi. Ndine mtsikana wa chaka chachinayi uja amene ndinakupezani pakhonde la ofesi yanu kuno ku Chirunga nditanyamula envulopu yakhaki. Munandiphunzitsa njira zochitira kafukufuku m'chaka chachitatu, ndipo ndinu amene mukuyang'anira pulojekiti yanga yomaliza.

Choyamba ndi tsiku. Kalata yanu ikuyenera kuwafika a bungwe limene ndikufunsirako pasanakwane 5 koloko madzulo Lachisanu, pa 21 mwezi uno, ndiye kuti kwatsala masabata awiri ndi theka. Safuna kuti kalatayo idzere mwa ine. Ndikangotumiza fomu yanga Lolemba likubwerali, iwo adzakutumizirani imelo yokhala ndi linki yoikapo kalata, ndipo mutu wake udzakhala ndi mawu akuti Reference request. Ikapanda kuoneka pofika Lachitatu, chonde mudzasuzumire mu Spam. Akufuna tsamba limodzi, m'Chingerezi, papepala la chizindikiro cha sukulu, losainidwa, ngati PDF. Pafomupo pali malo a nambala ya foni ya mboni, ndipo alemba kuti atha kuimba. Sindinalembepo kanthu. Mundiuze ngati ndiike ya kuofesi kapena ya m'manja, komanso mmene mukufuna kuti dzina ndi udindo wanu zilembedwe.

Ndamata mafayilo asanu. Loyamba, Advert.pdf, ndi chidziwitso cha ntchitoyo monga anachitulutsira, ndipo ndadula mzere kunsi kwa zinthu zimene akuzifuna kwambiri. Kenaka pali CV.pdf ndi Letter.pdf, kalata yanga yofunsira ntchito, imene ndikhoza kuikonzabe mukaona pena posayenda bwino. Transcript.pdf ili ndi zotsatira za mayeso kuyambira chaka choyamba mpaka semesita yathayi. Lomaliza ndi Kachulu.pdf, lipoti lija munalichonga chaka chatha, ndemanga zanu za cholembera chofiira zili momwemo.

Ntchitoyo ndi ya miyezi isanu ndi umodzi, kubungwe losakhala la boma lija ndinakutchulirani, limene limagwira ntchito ndi asodzi ndi alimi a mpunga ozungulira nyanja ya Chilwa. Akufuna munthu wotha kufunsa mafunso m'midzi, kulowetsa mayankho mu KoboToolbox, kuwasanja mu Excel ndi kujambula mapu osavuta mu QGIS. Anenanso kuti wodziwa Chiyao kapena Chilomwe ali ndi mwayi. Ine Chiyao ndi cha kwathu, ndinakulira mbali ya ku Domasi.

Sindikufuna kukuuzani zolemba, Madamu. Koma ophunzira amene mumawachitira umboni ndi ambiri, ndipo za ine zinachitika miyezi yapitayo, ndiye ndiloleni ndikukumbutseni zimene munaona ndi maso anu.

Pa ulendo wa kudoko la Kachulu, panyanja ya Chilwa, munatigawa m'magulu a anthu asanu, ine n'kukhala mtsogoleri wa gulu lachitatu. Tsiku loyamba mafunso athu sanayende. Tinkafunsa amayi oyanika matemba kuti amapeza ndalama zingati pamwezi, iwo n'kumangoyang'anana, manja ali m'nsomba pathandala. Madzulo ndinabwera kwa inu kudzapempha kuti tisinthe funsolo, tizifunsa kuti agula mabigiri angati sabata imeneyo ndi kuti nsombazo apita nazo kumsika uti. Munavomera mutandifunsa kawiri chifukwa chake. M'mawa mwake amayi omwewo anayankha momasuka, mmodzi mpaka anatitengera kuseri kukationetsa matumba amene anali atamanga kale kudikira galimoto ya ku Limbe. Gulu lathu linamaliza mafomu 42 m'masiku atatu, ndipo ndinamasulira m'Chiyao pamene anzanga anakanika kumvana ndi bambo wina wachikulire amene amakhala pa chimbowera, m'tinyumba toyandama tija. Iwo ndi amene anatifotokozera mmene anayendera wapansi pamalo amene kale ankapalasa bwato, nyanja itauma mu 1995 ndi mu 2018. Nkhani yawo ndi imene inandipatsa mutu wa pulojekiti yanga, wa mmene mabanja a asodzi amapezera chakudya madzi akaphwera m'nyanja yosaya ngati imeneyi, yopanda mtsinje wotulukamo. Pa lipotilo munandipatsa 74, ndipo munalemba kuti mapu a madoko anali oyera koma gawo la zotsatira linatalika mopitirira. Ndalifupikitsa m'pulojekiti ya chaka chino, monga munaonera m'mutu wachitatu.

Chimene ndikuona kuti chingawafike pamtima a bungwewo si malikisi ayi, poti amenewo adzawaona okha. Ndi zoti munandiona ndikugwira ntchito padzuwa, ndi anthu amene sanatiitane, ndipo ndinazindikira kuti cholakwika chinali funso lathu osati iwo. Zimenezo palibe wina angazichitire umboni koma inu.

Palinso china chimene ndikufuna muchimve kwa ine musanachione papepala. M'chaka chachiwiri, semesita yoyamba, ndinalephera sitatisitikisi ndipo ndinalemba sapu. Nthawi imeneyo mayi anga anagonekedwa m'chipatala masabata asanu, ine ndinali wowadikirira, usiku kugona pansi pa bedi lawo, m'mawa kuthamangira kukalasi. Sindikunena izi kuti ndibisalire kumbuyo kwa matenda, chifukwa phunzirolo linkandivuta ndi kale. Ndinakhoza sapuyo, ndipo chaka chotsatira ndinapeza 68 pa phunziro lanu, limene theka lake ndi masamu omwewo. Ntchito ndikufunsirayi ili ndi manambala ambiri, choncho akhoza kukufunsani za zimenezi akaimba foni. Muli ndi chilolezo changa kunena zonse monga zilili, ngakhale za matendawo. Mukaona kuti n'zosafunika kuzitchula m'kalata, ndikhulupirira maganizo anu.

Kunena zoona, QGIS ndikuidziwa pang'ono chabe. Ndimatha kuika malo pamapu ndi kuwasindikiza, koma zozama sindinafikepo, ndipo mu sivi ndalemba choncho. Chonde musandikweze kuposa pamene ndili, ndingakachite manyazi sabata yoyamba.

Mboni yachiwiri ndi bambo amene ankandiyang'anira pamene ndinkathandiza kalembera wa mabanja kumudzi kwathu patchuthi, ndiye za khalidwe langa pantchito ya tsiku ndi tsiku adzanena ndi iwo. Kwa inu akuyembekezera za maphunziro ndi kafukufuku.

Ndikudziwa kuti ino ndi nyengo yochonga, ndipo pa tebulo panu ndinaona milu ya mapepala. Mukalola, ndidzakutumizirani uthenga umodzi wokha wokukumbutsani Lolemba pa 17. Ngati mukufuna kuti tionane kaye, ndilibe kalasi Lachinayi masana ndi Lachisanu m'mawa, ndipo nditha kubweretsa mapepalawa osindikiza ngati kuwerenga pakompyuta kukutopetsani. Zikapezeka kuti nthawi yakuthinani ndipo simukwanitsa, mundiuze pofika Lachisanu lino kuti ndipemphe aphunzitsi ena mpata ulipo. Sindidzadandaula.

Akadzandiitana ku intavyu kapena ayi, ndidzabwera kudzakuuzani.

Zikomo kwambiri, Madamu.

Ndine wophunzira wanu,
wa gulu lachitatu la ku Kachulu