Kalata yopempha kukonza denga lodontha ndi paipi yophulika

Mufakose,
Harare.
18 Novembala 2024

Wolemekezeka Bambo Phiri,

PEMPHO LOTI MUKONZETSE DENGA NDI PAIPI YA MADZI PA NYUMBA YANU YA KU MUFAKOSE

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mayi ndi onse kunyumbako. Ndalemba kalatayi pofuna kukukumbutsani za mavuto awiri amene ndinakuuzani pa foni pa 10 Novembala, pakuti munanena kuti mutuma mmisiri mkati mwa sabata imeneyo, koma mpaka lero palibe amene wafika, pamene zinthu zikunka ziipiraipira.

Vuto loyamba ndi la denga. Mvula imene inagwa usiku wa Lachinayi pa 7 Novembala inalowa m'chipinda chogona ana ndi pabalaza, moti tinachezera kusuntha mabedi ndi kutchera ndowa ndi mabeseni. Kutacha ndinakwera pamakwerero kukaona, ndipo ndinapeza kuti mapepala awiri a asibesitosi ang'aluka kuyambira pamene panakhomedwa misomali mpaka kumapeto, komanso pamsonga pa denga patseguka mpata woti dzanja n'kulowa. Phula limene linamatidwa pamenepo chaka chatha lauma ndipo lakanganuka lonse. Mtanda umodzi wa pamwamba pa chipinda cha ana wayamba kufumbwa chifukwa chonyowa kawirikawiri, ndipo chimene chikundidetsa nkhawa koposa n'chakuti madzi akutsetsereka pakhoma pamene padutsa mawaya a magetsi. Mvula ikangoyamba timazimitsa magetsi a nyumba yonse, poopa kuti mwana angagwire khoma lonyowalo n'kugwidwa ndi nyesi. Matiresi awiri ayamba kale nkhungu, ndipo mwana wathu wamng'ono, amene ali ndi chifuwa cha mphumu, tamusamutsira kuchipinda chathu.

Sindinafune kukhudza mapepalawo ndekha, chifukwa asibesitosi akakalamba sachedwa kusweka munthu akapondapo, ndiponso fumbi lake ndi loopsa m'mapapo. Imeneyi ndi ntchito yofuna munthu woidziwa.

Vuto lachiwiri ndi paipi yochokera pamita kupita kubafa, imene inaphulika Loweruka pa 9 Novembala pafupi ndi khoma la kukhitchini. Paipiyo ndi yachitsulo, yakalekale, ndipo dzimbiri laidya kwambiri. Monga mudziwa, kuno madzi satuluka tsiku lililonse, ndipo nthawi zambiri amabwera usiku anthu tili m'tulo, motero pamene tinkadzuka m'mawa tinapeza bwalo lonse lili thamanda, madzi akulowa pansi pa maziko. Ndinamangapo mphira kuti ndichepetse kutayikako, koma sizinathandize kwenikweni, choncho tsopano ndimatseka madzi pamita. Zotsatira zake n'zakuti ngakhale tsiku limene madzi abwera, ife timakaima pamzere kumjigo ngati kuti mpopi tilibe, ndipo m'chimbudzi timathira madzi a m'ndowa. Popeza paipiyo yaphulikira mkati mwa mpanda, kuseri kwa mita, madzi onse otayikawo awerengedwa pa bilu ya nyumba ino, ndipo ndikupempha kuti bilu ya mwezi uno ikabwera tidzakhale pansi n'kuona mmene tingagawanire, chifukwa sichingakhale chilungamo kuti ndilipire ndekha madzi amene sindinagwiritse ntchito.

Bambo, ndakhala m'nyumba muno zaka zinayi, ndipo lendi ya madola 180 a ku America ndakhala ndikupereka pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse osaphonya, monga malisiti anu akusonyezera. Pangano limene tinasainirana likunena kuti zing'onozing'ono monga mababu ndi magalasi osweka ndi udindo wanga, pamene denga, makoma ndi mapaipi ndi udindo wa eni nyumba. Mbali yangayo ndaisunga, ndipo ngakhale loko wa chitseko cha kumaso ndinagula ndekha osakuvutitsani.

Ndinaitana pulambala wina wa m'dera lino kuti aone, ndipo akuti paipi yonse ya mamita asanu ndi limodzi iyenera kuchotsedwa n'kuikapo yapulasitiki, pa mtengo wa madola 45 pamodzi ndi ntchito yake. Mmisiri wa denga akuti madola 120 angakwane, ngati zipangizo zitagulidwa ku Mbare. Mapepala a mitengoyi ndawaphatikiza ndi kalata ino, pamodzi ndi zithunzi zimene ndinajambula.

Pempho langa ndi lakuti ntchito ziwirizi zikhale zitatha pofika Loweruka pa 30 Novembala, mvula ya Disembala ndi Januwale isanalimbike, chifukwa mtanda uja ukathyoka mudzawononga ndalama zambiri kuposa zimenezi. Ngati ndalama zili zovuta pakali pano, ndili wokonzeka kulipira amisiriwo ndekha n'kudzachotsera pa lendi ya miyezi iwiri ikubwerayi, koma sindingachite zimenezo popanda chilolezo chanu cholembedwa, kuopa kuti tingadzasemphane mawu m'tsogolo. Ngati muli ndi mmisiri wanu amene mumamukhulupirira, mutumeni tsiku lililonse, pakuti mayi a kunyumba kuno amakhalapo tsiku lonse ndipo adzamutsegulira. Zikadakhala bwino koposa mukanabwera nokha kudzaona ndi maso anu, makamaka Loweruka masana pamene ine ndimakhala nditaweruka kuntchito.

Ndidzathokoza kulandira yankho lanu sabata ino isanathe.

Ine wanu wokhala m'nyumba yanu,

J. Banda