Agogo akakana mapiritsi: malangizo a Anaphiri

Anaphiri, pepalali muliike m'buku la kuchipatala la agogo, pakuti ine ndizifika ku Area 25 Loweruka lokha.

Agogo akafumbata pakamwa si mwano. Matenda oiwalaiwalawa amawaiwalitsa kuti akudwala, ndiye munthu wobwera ndi timibulu toyera amaoneka ngati wofuna kuwadyetsa poizoni. Musatsutsane nawo, musawagwire manja kapena kuwatsina mphuno. Mapiritsi angalowe njira ya mpweya. Akakana, chotsani mbale, mucheze za kwawo ku Dedza, muyesenso pakatha mphindi 20. Nthawi zambiri amakhala ataiwala kuti anakana.

Wayilesi izimitsidwe, ana atuluke. Akhazikeni tsonga, inu mukhale pambali pawo osati kuima kutsogolo. Ayambe ndi madzi pang'ono kunyowetsa kukhosi. Perekani piritsi limodzi, m'dzanja lawo, enawo asawaone. Mawu akhale ochepa: "Agogo, imwani aka." Musafunse ngati akufuna, yankho lake mukulidziwa kale. Akameza onani m'masaya ndi pansi pa lilime (tinapezapo atatu pansi pa mphasa), ndipo asagone mpaka patadutsa mphindi 30.

Za kupera mapiritsi, apa ndiye musamale. Paketi ikakhala ndi zilembo SR, MR, XL kapena EC, musapere ndipo musaswe. Atatu oyambawo amapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono m'thupi, mukawapera mphamvu yonse imalowa nthawi imodzi, ndipo a BP otere angawagwetse ndi chizungulire. A EC ali ndi chikuto choti asasungunukire m'chifu. Ena onse, funsani kaye ku famase ya ku Kamuzu Central tikapita kukatenga mankhwala, mufunsenso ngati alipo amadzi, kapena ngati adokotala angachepetseko chiwerengero chake.

Kubisa m'chakudya ndi njira yomaliza, ndipo tigwirizane kaye ndi adokotala. Akalola, sakanizani mu supuni imodzi ya phala lozizira kapena nthochi yokanya, osati mbale yonse, chifukwa akasiya theka sitidziwa amwa ochuluka bwanji. Nsima yawo musaiikemo kanthu. Akamva kuwawa adzayamba kukana ndi chakudya chomwe.

Akaphonya m'mawa musawirikize madzulo. Lembani tsiku, nthawi ndi piritsi lomwe akana. A shuga aja musapereke ngati sanadye, shuga angatsike kwambiri. Mukaona thukuta, kunjenjemera kapena kusokonezeka koposa masiku onse, apatseni madzi a shuga ngati akutha kumeza, mundiimbire pomwepo.

Akakana tsiku lonse, kapena kukana kukayamba mwadzidzidzi, kawirikawiri pali china chikuwapweteka chimene sangathe kunena: dzino, zilonda za m'kamwa, kudzimbidwa, kuwotcha pokodza, malungo. Kutsamwa kapena kukhosomola pomeza nakonso n'kofunika dokotala. Zikatero musadikire Loweruka, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, mutenge mapaketi onse ndi bukuli.